Wangoona malonda lero, kodi timuuze kuti alipire? Mawu oitanira ogula sola

Nangozo: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi shopu ya zipangizo za sola ku Lilongwe: mapanelo, mabatire, mainveta, komanso kukamangira anthu kunyumba. Positi iliyonse ya pa Facebook imathera ndi mawu amodzimodzi, akuti "Gulani lero, lipirani pa Airtel Money kapena Mpamba." Oona ndi ambiri, ndemanga nazonso zimabwera, koma pafupifupi zonse ndi "zingati?" basi. Olipira ndi ochepa kwambiri. Vuto ndi mawuwo kapena ndi mtengo?

aJere: Sinthani mtundu wa batani, mayi. Lofiira kapena lalalanje limakoka maso. Zilembo zikhalenso zikuluzikulu.

aMbewe: Achimwene aJere, pa Facebook mtundu wa batani sitisankha ndife, timangosankha mawu ake, monga Learn More, Send WhatsApp Message, Call Now kapena Shop Now. Ndipo ngakhale tikanasankha, sipamene pali vuto la mayiwa.

Mayi Nangozo, taganizani za munthu amene positi yanu yamupeza. Wakhala mu minibasi, akungoyendetsa chala pa foni. Magetsi azima kawiri sabata ino, zimenezo zikumuwawa, koma sanaganizepo kuti batire ndi la mphamvu zingati, dzina la shopu yanu waliona lero, ndipo sakudziwa ngati muli ndi khomo lenileni. Inu mukumupempha kuti atumize ndalama zokwana malipiro ake a miyezi ingapo ku nambala ya foni. Pempho lililonse lili ndi mtengo wake kwa wopemphedwayo. Kuonera kavidiyo kumamudyera bandulo pang'ono. Kukulemberani pa WhatsApp kumamuchititsa kupereka nambala yake, ndi kuopa kuti muzimuvutitsa. Kuitanitsa kotesheni kumamuika pa manyazi akapeza kuti sangakwanitse. Kulipira dipoziti ndiye kuika ndalama pa chiswe ngati ndinu akuba. Munthu amavomera pempho limene mtengo wake ukufanana ndi mmene wakukhulupirirani pa nthawiyo. Mukalumpha, sakana poyera, amangodutsa.

Ndiye pa malonda ngati anuwa ndimaona anthu anayi osiyana. Woyamba akudziwa vuto lake lokha. Wachiwiri wayamba kufufuza, akufuna kudziwa chimene chingamukwanire. Wachitatu akudziwa chimene akufuna, akuyerekeza inu ndi shopu zina ziwiri. Wachinayi watsimikiza, akungofuna njira yolipirira yosamuchititsa mantha. Mawu anu a "Gulani lero" ndi a wachinayi yekhayo.

aChisale: Zimenezo n'zomveka pa pepala, koma ndalama ili ndi wachinayiyo. Mukachotsa "gulani" pa positi, amene wabwera ndi ndalama m'manja mumutaya. Ine ndinganene kuti ikani zonse: onerani vidiyo, tilembereni, imbani, gulani. Aliyense asankhe chake.

aMbewe: Theka lake mwalondola, aChisale. Wokonzeka kugula asasowe khomo, n'chifukwa chake nambala, malo a shopu ndi nthawi yotsegulira zizikhala pa tsamba nthawi zonse, ndi pa positi yokhomedwa pamwamba. Munthu amene ali ndi ndalama m'manja amafufuza yekha. Koma kuika mapempho anayi pa positi imodzi kumabweretsa mavuto awiri. Loyamba, munthu wosatsimikiza akapatsidwa njira zinayi amasankha yachisanu, yongopitirira. Lachiwiri, inuyo simudziwanso chimene chagwira ntchito, chifukwa ena aimba, ena alemba, ena adina Like, ndiye palibe nambala imodzi yoti muiyang'ane. Positi imodzi, pempho limodzi.

Nangozo: Ndiye kwa woyambayo ndinene chiyani? Ngati sindikumuuza kuti agule, ndikutsatsa chiyani?

aMbewe: Mukumupempha nthawi yake yokha, mphindi yosakwana imodzi. Jambulani kavidiyo kafupi madzulo pa nyumba imene mwamangirapo, mwini wake atalola: kunja kuli mdima, mkati mababu akuyaka, TV ikuonetsa. Ikanimo mawu olembedwa, chifukwa ambiri amaonera foni ili chete. Pomaliza pempho likhale lopepuka chonchi: "Onerani mpaka kumapeto muone zimene batire limodzi likuyatsa pa nyumba iyi." Kapena funso loyankha ndi liwu limodzi: "Magetsi akazima kwanu, chimene chimakusowetsani mtendere ndi chiyani: kuunika, TV kapena furiji?" Pamenepa musatchule Mpamba, musatchule dipoziti.

Ubwino wa vidiyo ndi wakuti imakusankhirani anthu. Mu Ads Manager, malo oyendetsera zotsatsa zolipira za pa Facebook, pa Audiences, mungapange Custom Audience ya anthu amene anaonera theka la vidiyoyo kapena kupitirira. Amene anaonera masekondi atatu okha musawawerengere, ambiri chala chinangoima mwangozi. Amene wafika pa theka ndiye wakuuzani ndi zochita zake kuti nkhaniyi ikumukhudza. Ameneyo ndi woyenera kuona uthenga wachiwiri.

Mayi a Tadala: Ndiwonjezere pa gawo lachiwirili, chifukwa ndi pamene ogulitsa sola ambiri amataya anthu. Wofufuza funso lake lenileni si mtengo, ngakhale amalemba "zingati?". Funso lake ndi lakuti: za kwathu kuno zikufunika zotani? Ndiye pempho lomuyenera ndi ili: "Tilembereni zinthu zimene mukufuna kuyatsa ndi maola ake, tikuwerengerani kwaulere kukula kwa sola yokukwanirani." Apa batani la Send WhatsApp Message layenera, chifukwa munthuyo akudziwa chimene alembe ndiponso chimene alandire.

Ndipereke chitsanzo cha yankho lake. Tinene kuti walemba mababu anayi a mawati 5 kwa maola asanu, TV ya mawati 50 kwa maola anayi, ndi kutchaja mafoni awiri. Mphamvu timaiyeza mu Wh, kutanthauza mawati kuchulukitsa ndi maola. Mababu ndi 4 × 5 × 5 = 100 Wh. TV ndi 50 × 4 = 200 Wh. Mafoni tiike 20 Wh onse awiri. Pamodzi 320 Wh pa tsiku. Batire la 12V 100Ah limasunga 1,200 Wh, koma likakhala la asidi kapena la jelo timalangiza kugwiritsa ntchito theka lokha kuti lisafe msanga, ndiye 600 Wh. Mumuuze kuti batire limodzi limukwanira ndipo patsala danga la zotayika mu inveta ndi tsiku la mitambo. Mumuuzenso kuti akadzawonjezera furiji kuwerengera konse kusintha, chifukwa furiji imayenda usana ndi usiku ndipo polira imakoka mphamvu yambiri.

Munthu amene walandira yankho lotere simunamugulitse kanthu, koma tsopano akudziwa kuti mumaidziwa ntchito. Ndipo inu mwadziwa kukula kwa thumba lake osamufunsa.

aJere: Ndiye mukutanthauza kuti wolemba "zingati?" tizimuyankha kuti abwere ku inibokosi?

Mayi a Tadala: Ayi, achimwene, chonde ayi. "Bwerani ku inibokosi" ndi pempho lopanda mphotho. Munthu amaganiza kuti mtengo mukuubisa kuti mumuyeze kaye. Muyankheni poyera ndi malire: "Ya mababu ndi TV imayambira pakuti, yokhala ndi furiji imayambira pakuti. Tilembereni zimene muli nazo tikuuzeni yanu." Amene malirewo amuthawitsa sakanagula ngakhale mukanamusunga sabata yathunthu mu inibokosi.

aChisale: Pamenepo sindikugwirizana nanu. Mukaika mtengo poyera, shopu yoyandikana nayo imatsitsa pang'ono n'kukulandani munthu. Komanso mitengo ya katundu woitanitsa kunja sikhazikika. Positi ya miyezi itatu yapitayo munthu amaijambula n'kubwera nayo kudzakangana pa kauntala.

Mayi a Tadala: Za kusintha kwa mitengo ndi zoona, n'chifukwa chake pa mtengo uliwonse pazilembedwa tsiku. Koma opikisana nawo mtengo wanu amaudziwa kale, amangotuma mwana kudzafunsa. Wosaudziwa ndi kasitomala yekha.

aMbewe: Nkhani ya mtengo poyera ili ndi mbali ziwiri, ndipo pa ntchito zazikulu zofunika kukayeza nyumba aChisale ali ndi mfundo. Koma tiyeni tipitirire kwa munthu wachitatu, woyerekeza uja. Iyeyu wawerengeredwa kale. Mukamutumiziranso vidiyo ya mdima ndi mababu mukumubweza m'mbuyo, ndipo ili ndi vuto lina limene sititchula kawirikawiri: pempho likhoza kuchepa monga mmene likhoza kukulira. Munthu wafunsa kuti waranti ndi ya nthawi yaitali bwanji, inu mukumuyankha kuti atsatire tsamba lanu. Ameneyo apita kwa amene amupatse pepala.

Chomuyenera ndi kotesheni yolembedwa, ndi pempho loti aone ndi maso. Kotesheniyo itchule dzina ndi kukula kwa panelo, batire, inveta ndi kontirola, mawaya, mtengo womangira, thiransipoti, waranti ya chinthu chilichonse payokha, ndi tsiku limene mtengowo uthere. Pansi pake pempho limodzi: "Bwerani mudzaone batire ndi inveta zikugwira ntchito Loweruka m'mawa kapena Lolemba masana. Tsiku liti likukomerani?" Onani kuti sindinafunse kuti "mubwera liti?". Funso lotseguka limayankhidwa ndi "ndikuuzani". Masiku awiri otchulidwa amayankhidwa ndi tsiku.

Kwa wakutali, wa ku Mchinji kapena ku Kasungu, m'malo mwa kubwera mumupemphe kuimbirana pa vidiyo kwa mphindi zisanu muli m'shopu, aone khomo, chikwangwani ndi katundu. Chimodzimodzi m'bale wa ku Joni amene akugulira makolo kumudzi. Iyeyu mantha ake ndi awiri, kuberedwa ndi kumangiridwa zosalimba iye kulibe, ndiye pempho lake ndi lakuti atchule munthu wa kuno woti adzaone katundu m'malo mwake.

Nangozo: Nanga ndidziwa bwanji kuti munthu ali pati? Onse amalowa pa nambala imodzi ya WhatsApp.

Mayi a Tadala: Njira ziwiri. Yoyamba, mverani funso lake. Wofunsa kuti "kodi sola imayatsa furiji?" akufufuza. Wofunsa kuti "batire lanu ndi la lithiyamu kapena la jelo, waranti zaka zingati?" akuyerekeza. Wofunsa kuti "mungabwere kudzamanga Lachisanu?" kapena "mumalandira theka kaye?" watsimikiza, musamuphunzitsenso za mawati.

Yachiwiri, positi iliyonse ikhale ndi linki yakeyake yokhala ndi mawu olembedwa kale. Nambala imayamba ndi 265, osaika ziro woyamba kapena chizindikiro cha +, ndipo pa mpata uliwonse pakati pa mawu pamalowa %20:

```
https://wa.me/265XXXXXXXXX?text=Ndiwerengereni%20sola
https://wa.me/265XXXXXXXXX?text=Ndikufuna%20kotesheni
```

Munthu akadina, mawuwo amakhala atalembedwa kale, iye amangotumiza. Meseji ikafika mwadziwa positi imene yamubweretsa ndi gawo limene ali. Kenako mu WhatsApp Business muike chizindikiro pa macheza ake. Pa mafoni ena malowa alembedwa Labels, pa ena Lists. Pangani zinayi: Wafunsa, Wawerengeredwa, Walandira kotesheni, Walipira dipoziti. Wantchito aliyense wogwira foniyo azisuntha chizindikiro akangomaliza kuyankha. Zikalekedwa masiku atatu okha, mudzapeza kuti munthu wa kotesheni watumiziridwanso moni wa alendo.

Chenjezo pa Broadcast, njira ya pa WhatsApp yotumizira uthenga umodzi kwa anthu ambiri: mndandanda umodzi umalola anthu 256, ndipo uthenga umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu. Status nayonso imaonedwa ndi amene mwasungirana manambala. Ndiye pa gawo lachiwiri, mutamuwerengera, onjezerani kapempho kakang'ono: "Sungani nambalayi kuti muziona ntchito zimene tamanga." Popanda zimenezo mudzaganiza kuti anthu akukunyalanyazani pamene uthengawo sunawafike n'komwe.

Nabanda: Ndikuwerenga zonsezi koma kwa ife ogulitsa zitenje ndi nsapato zikuoneka zotalika. Munthu amaona chitenje, wachikonda, amatumiza ndalama ola lomwelo. Ndikamuuza kuti aonere vidiyo kaye ndiye kuti ndamuchedwetsa.

aMbewe: Mukunena zoona, achemwali, ndipo musamuchedwetse. Magawowa kutalika kwake kumayenda ndi mtengo ndi chiopsezo. Pa chitenje munthu amadutsa onse anayi mu mphindi imodzi, chithunzi chomwecho ndiye chamudziwitsa, chamufufuzitsa ndi kumutsimikizira. "Tumizani nambala ya chitenje chimene mwakonda" ndi pempho lokwanira. Ngakhale kwa mayi Nangozo, nyali ya sola ya m'manja angaigulitse ndi "gulani lero" osavutika. Koma chinthu chimene munthu ayenera kukakambirana ndi akunyumba, kapena kudikira malipiro, kapena kudikira kuti fodya kapena soya agulitsidwe, sichingathamangitsidwe choncho.

aChisale: Ndiye pa gawo lomaliza tigwirizane kuti pamafunika kumukankha. "Zatsala ziwiri zokha", "mtengo ukwera mawa". Popanda zimenezo Mmalawi amati ndibwera, osabwera.

aMbewe: Kufulumizitsa kumagwira ntchito kukakhala koona. Anthu akukumbukira Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, mmene mitengo ya katundu wakunja inasinthira, ndiye mukalemba kuti kotesheni ndi ya masiku asanu ndi awiri amamvetsa chifukwa chake. Koma "zatsala ziwiri zokha" yobwera sabata iliyonse, munthu woyerekeza uja amaiona kachiwiri ndi kachitatu, ndipo amayamba kukayikiranso waranti yanu.

Chimene chimagwetsa malonda pa gawo lomaliza kawirikawiri si kusowa changu, ndi kusamveka kwa njira. Pempho lomaliza liyankhe mafunso onse a munthu amene chala chili pa foni: ndalama zingati, kwa yani, kenako chichitika n'chiyani. Mwachitsanzo: "Kuti tikusungireni Lachisanu, lipirani dipoziti ya K270,000 pa K900,000 yonse. Airtel Money ndi *211#, Mpamba ndi *444#, nambala ndi iyi, ndipo dzina limene lioneke ndi ili. Mukatumiza tikupatsani lisiti lero lomwe. Zotsala mudzalipira tikamanga, magetsi atayaka." Manambalawa ndangoyerekeza, koma onani kuti dipozitiyo ndi 30 peresenti, osati zonse. Dzina loti lioneke n'lofunika kwambiri. Munthu akaona dzina la munthu wina amene simunamutchule, amaimitsa pomwepo, ndipo amachita bwino. Pa ndalama zambiri mupatseninso akaunti ya kubanki ya dzina la bizinesi, chifukwa ndalama za pa foni zili ndi malire a katumizidwe.

Nangozo: Zamveka. Koma ndikayesa zonsezi, ndidziwa bwanji pamene pakudontha?

aMbewe: Werengani anthu pa khomo lililonse, sabata ndi sabata. Ndiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti tione kawerengedwe. Mwaika K60,000 pa kutsatsa. Alemba pa WhatsApp ndi 120. Mwa iwo 45 atumiza mndandanda wa zinthu zawo, 30 alandira kotesheni, 6 alipira dipoziti. Meseji iliyonse yakudyerani K500, dipoziti iliyonse K10,000.

Tsopano tinene kuti K60,000 ina mwaiika pa positi yopita kwa anthu osakudziwani, yokhala ndi batani la WhatsApp pomwepo. Alemba ndi 300, meseji iliyonse K200, ndipo mukusangalala kuti yatchipa. Koma ambiri ndi "Hi" ndi "zingati?", otumiza mndandanda ndi 20, olipira ndi awiri. Dipoziti iliyonse yakudyerani K30,000, ndipo wantchito wanu wataya masiku kuyankha anthu 280 amene sanali okonzeka. Mukayang'ana mtengo wa meseji wokha mudzazimitsa positi yabwino n'kusiya yoipa.

Podontha pamadzionetsa chonchi. Olemba ambiri koma otumiza mndandanda ochepa, ndiye kuti mwaitana anthu msanga, kapena yankho lanu loyamba likuchedwa kapena likufunsa zambiri nthawi imodzi. Owerengeredwa ambiri koma osafuna kotesheni, ndiye kuti mtengo wawadzidzimutsa, malire aja simunawatchule poyamba. Makotesheni ambiri koma dipoziti palibe, vuto ndi chikhulupiriro kapena njira yolipirira, ndipo kutsatsanso kwa anthu atsopano sikungakonze zimenezo.

Mayi a Tadala: Pa amene walandira kotesheni n'kungoti zii, musamutumizire "mwaganiza bwanji?" tsiku ndi tsiku. Pakapita masiku awiri, tsitsani pempho ndi sitepe imodzi: "Pali chimene sichinamveke pa kotesheni ija? Ndingakutumizireninso ya batire limodzi kuti muyerekeze." Kutatsala tsiku limodzi kuti mtengo uthe, mukumbutseni kamodzi. Akapanda kuyankha musiyeni, aziona ntchito zanu pa Status. Mukapitiriza amakutsekani, ndipo otseka akachuluka nambala ya bizinesi ikhoza kuletsedwa.

aChisale: Chimodzi chikundikayikitsabe. Oonera theka la vidiyo pa ndalama zochepa ngati zathuzi amakhala ochepa kwambiri. Mukawatumizira positi yachiwiri, anthu omwewo amaiona kambirimbiri mpaka kutopa nayo. Kodi sikwabwino kungophatikiza gawo loyamba ndi lachiwiri, vidiyo yomwe ija n'kumaliza ndi "tikuwerengereni"?

aMbewe: Funso limenelo ndi lenileni. Yang'anani Frequency mu Ads Manager, nambala yosonyeza kuti munthu mmodzi waona positiyo kangati. Ikamakwera msanga pamene olemba akuchepa, gululo lachepa. Mungalikulitse powonjezera onse amene anachitapo kanthu pa tsamba lanu m'miyezi itatu yapitayi. Likachepabe, kuphatikiza kwanuko n'komveka, pakuti kuwerengeredwa kwaulere ndi pempho lopepuka ndithu. Chimene sindingaphatikize ndi vidiyo yoyamba ndi dipoziti. Koma ngati kuphatikizako kungapose kulekanitsa pa shopu ya mayi Nangozo, zimenezo zioneka pa manambala awo okha. Ayese njira ziwirizi pa ndalama zofanana, ndi malinki awiri osiyana, ndipo aweruze ndi makotesheni ndi madipoziti, osati ndi mameseji.

aJere: Ayese kwa masiku angati? Sabata imodzi?

Mayi a Tadala: Yachepa. Munthu wa sola amatha kuona vidiyo pa 10 n'kulipira pa 28 malipiro atalowa. Kuyesako kudutse mapeto a mwezi kamodzi, apo ayi mudzaweruza positi madipoziti ake asanafike.

Nangozo: Ndiyamba ndi malinki awiriwo ndi zizindikiro zinayi za pa WhatsApp mawa. Funso lina lokha: kuwerengera kwaulereko, nanga munthu akatenga manambala athu n'kukagula kwina?

aMbewe: Ena adzatero ndithu. Pa kuwerengera mupatseni kukula kokha, 320 Wh ndi batire la 100Ah, chifukwa zimenezo aliyense angamuuze. Mayina a zipangizo, kukula kwa mawaya ndi mtengo wa chimodzichimodzi zisungireni kotesheni, ndipo kotesheni muzipereka kwa amene watchula dera limene nyumbayo ili ndi mwezi umene akufuna kumangitsa.